Anthu 74, mabasi awiri, masiteji atatu: mipando tiigawe bwanji?

Funso: Ndili mu komiti yokonza msonkhano, ndipo ntchito ya thiransipoti andipatsa ineyo. Anthu alembetsa 74 koma akwerera malo atatu osiyana. Siteji yoyamba 31, yachiwiri 24, yachitatu 19, zonse zili mumsewu umodzi wopita komwe kuli msonkhanoko, ndipo ndi kutali, pafupifupi maola atatu kuchokera pa siteji yomaliza. Tabuka basi yaikulu ya anthu 50 ndi kosita ya 30, ndiye mipando 80 ikukwana bwinobwino. Mwambo uyamba 12 koloko masana. Ndingogawa bwanji kuti pasakhale kulimbirana?

Yankho:

Achemwali, ndiyambe ndi pomwe mwati mipando ikukwana bwinobwinopo, chifukwa ine ndikuona kuti mwina sikukwana. 80 ija ndi nambala imene eni mabasi akuuzani pafoni, si nambala ya anthu amene angakhale pansi momasuka kwa maola anayi kapena asanu. Musanagawe chilichonse pitani mukaione basi iliyonse ndi maso anu, mulowemo muwerenge mipando ndi chala, ngati simungathe kupita ndiye auzeni akujambulireni mkati kuchokera kutsogolo komanso kuchokera kumbuyo akutumizireni.

Mukawerenga mupeza izi. Kosita akamati ndi ya 30, nthawi zambiri amakhala awerengera pamodzi mpando wa dalaivala komanso timipando topinda tapakati tija, tomwe timatsegulidwa m'njira yodutsamo anthu. Tiyerekeze kuti mwanumo mwapeza topindato tilipo 6. Kuchotsa dalaivala kwatsala 29, kuchotsa topinda kwatsala 23, ndiye mipando yeniyeni ya kosita yanu ndi 23 osati 30. Basi yaikulu nayo, kawirikawiri imakhala ndi mizere 11 ya mipando inayi inayi, iwiri mbali iyi iwiri mbali inayo, ndiye mzere wakumbuyo kwenikweni wa anthu asanu, zonse pamodzi 49. Wa 50 uja umakhala kampando ka pakhomo ka kondakitala kapena dalaivala wachiwiri, si kanu ayi. Tsono 49 ndi 23 ndi 72, anthu anu ndi 74. Mwaona kuti mipando 6 yotsala ija yasanduka kuperewera kwa anthu awiri? Sikuti zavuta, topinda tija tikuthandizani, koma tsopano mukudziwa kuti pali anthu ena akhala pa mipando yosakoma ndipo muyenera kuwasankha inuyo, asadzisankhe okha m'mawa wa tsikulo.

Mufunsenso za katundu pomwepo. Basi yaikulu ili ndi buti pansi, kosita ilibe malo okwanira, ndipo ngati anthu akukagona ndiye zikwama zawo zitha kudya mzere wonse wakumbuyo. Zikatero katundu wolemera yense apite mu buti ya basi yaikulu. Ndipo 74 ija muionenso ngati ana alimo, chifukwa makolo ambiri amalembetsa dzina limodzi nkubwera ndi awiri. Mwana aliyense amene sangakhale pamiyendo maola anayi ndi mpando wathunthu, muwerengereni.

Tsopano nkhani yeniyeni. Anthu ambiri amene apatsidwa ntchito imeneyi amaganiza za chiwerengero chonse, anthu angati mipando ingati, koma basi yodutsa masiteji angapo sidzaza kamodzi, imadzaza pang'onopang'ono, ndipo vuto lililonse limene lachitika pa siteji yoyamba limakagwera anthu a siteji yomaliza. Oyamba amapeza basi yopanda munthu, amasankha pawindo, amayala zikwama pampando wapambali, wina wabwera ndi mlamu wake amene sanalembetse ndipo palibe akumuletsa chifukwa malo akuoneka ambirimbiri. Omaliza ndi amene amalipira zonsezo. Ndiye mpando uliwonse uyenera kukhala ndi siteji yake basi isananyamuke, mpando wopanda munthu pa siteji yoyamba si wopanda mwini.

Ine izi ndinaziphunzira movutika. Ulendo wina ndinafika pa siteji yomaliza ndi basi imene papepala inali ndi malo 14, anthu 14 ali chiimire panja kuyambira m'bandakucha, mayi wina wachikulire atakhala pa chikwama chake atafunda nsalu chifukwa cha kuzizira. Nditalowa kuwerenga ndinapeza mipando 9 yokha, yomwazikana, umodzi apa umodzi apo, ndipo bambo amene anabwera ndi ana awiri ang'onoang'ono sakanatha kukhala nawo pamodzi. Tinataya mphindi 40 tikupempha anthu kuti asunthe, ndipo munthu amene wakhala kale ola lathunthu pampando, wavula nsapato, wayamba kusinza, kumusuntha ndi nkhondo. Kuyambira tsiku limenelo sindinyamutsa basi ndisanamate mapepala pamipando.

Tiyeni tigawe anthu anuwa. Lamulo langa ndi loti siteji imodzi ikwere basi imodzi ngati nkotheka, chifukwa mukangogawa siteji pakati mwadzipatsa ntchito yofotokozera aliyense kuti iwe yako ndi iyi iwe yako ikubwera, ndipo anthu amangokwera imene yafika poyamba. Ndiye yesani kuphatikiza. Siteji yoyamba ndi yachiwiri ndi 55, sakwana mu 49. Yachiwiri ndi yachitatu ndi 43, akukwana mu yaikulu, koma ndiye kuti 31 a siteji yoyamba alowe mu kosita yomwe ngakhale mutatsegula topinda tonse imathera pa 29, sizitheka. Kwatsala njira imodzi, yoyamba ndi yachitatu mu basi yaikulu, yachiwiri mu kosita. 31 ndi 19 ndi 50, mwapitirira ndi munthu mmodzi yekha, ndipo kosita ili ndi 24 pa mipando yabwino 23.

Munthu mmodziyo musamukakamize kulowa. Nambala imene yalembedwa pa mapepala a galimoto ndiye malire, mukapitirira mwaphwanya lamulo la pamsewu ndipo pakachitika ngozi nkhani ya inshulansi imatha kuvuta, komanso kunena zoona munthu kukhala pa chikwama pakati pa njira maola anayi opanda lamba si chinthu chimene ine ndingavomere. Chimene mungachite nchakuti muchotse anthu atatu a siteji yachitatu muwaike mu kosita. Bwanji atatu osati mmodzi? Chifukwa mukachotsa mmodzi basi yaikulu yadzaza ndendende, mulibe poponda pakabwera chosayembekezereka, komanso munthu mmodzi kumusiya yekha pa siteji anzake onse atakwera amada nkhawa. Mukachotsa atatu, yaikulu ili ndi 47 ndi mipando iwiri yapadera, kosita ili ndi 27, kutanthauza kuti topinda tinayi tagwira ntchito tiwiri tatsala.

Atatuwo asankheni mwanzeru, akhale achinyamata odziwana, opanda ana, ndipo muwaimbire foni pasadakhale muwauze mosabisa kuti akhala pa topinda. Zikuyenderanso bwino chifukwa kampando kopinda kakatsegulidwa kamatseka njira, wakumbuyo sangadutse, ndiye timayenera kudzazidwa pomaliza, kuyambira kakumbuyo kubwera kutsogolo. Anthu a siteji yachitatu ndi amene akukwera pomaliza ndipo ulendo wawo ndi waufupi kuposa onse. Kachinayi kaja, kapafupi ndi khomo, akhalepo woyang'anira kositayo, poti iye amatsikatsika kale.

Mkati mwa basi yaikulu mudzaze kuyambira kumbuyo. Ndikudziwa kuti a siteji yoyamba adandaula kuti ife tadzuka m'mawa kuposa onse bwanji mukutiponya kumbuyo, koma taganizani za pobwerera. Basi ikamabwerako iyamba kufika pa siteji yachitatu, ndiye ngati anthu amenewo ali kutsogolo amangotsika msanga osadumpha miyendo ya anthu ogona, mwinanso kuli mdima. Wokwera pomaliza ndi amene amatsika poyamba, ndiye akhale pafupi ndi khomo.

Mzere woyamba wokha ndi umene sutsata lamulo limeneli. Umenewo ndi wa achikulire, amayi oyembekezera, ovutika kuyenda ndi amene amasanza m'galimoto, kaya akwerera siteji iti. Kumbuyo kwa basi kumadumpha kwambiri ndipo munthu wa mseru amapezako bwino akamaona msewu kutsogolo. Izi simungazilote, mufunse polembetsa, funso limodzi chabe loti kodi pali chifukwa chimene mukufunikira kukhala kutsogolo. Tiyerekeze kuti pa siteji yoyamba mwapeza atatu otere, ndiye iwo pamodzi ndi woyang'anira basi atenga mzere 1. Atsala 27. Mzere 12 anthu asanu, mizere 11 mpaka 7 anthu 20, apo ndi 25, awiri otsala akhala mbali imodzi ya mzere 6. Mizere 2 mpaka 5 ndi mipando 16, ndendende anthu 16 a siteji yachitatu. Mbali inayo ya mzere 6 ndi mipando iwiri yapadera ija, ndipo ili pamalire peni peni, ingathe kupita kwa aliyense. Ngati pa siteji yachitatu palinso agogo, palibe vuto, mzere 2 ndi kutsogolo komwe. Pa mzere 12 muike achinyamata, ndipo mpando wapakati pa mzere umenewo, woyang'anizana ndi njira uja, musakhazikepo mwana chifukwa kutsogolo kwake kulibe chomutchinga dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi. Ngati pali wa njinga ya olumala, imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi eni basi lero lomwe, masitepe a basi yaikulu ndi aatali ndipo muyenera kudziwiratu amene amuthandize kukwera komanso pomwe njingayo ikhale.

Mwina mukuganiza zopatsa aliyense nambala ya mpando wakewake. Pa anthu 74 ine sindingakulangizeni. Zimaoneka zadongosolo papepala koma pakhomo la basi zimachedwetsa, mabasi ena manambala ake anafufutika, ndipo munthu mmodzi akangokhala polakwika onse omutsatira asokonekera. Gawani ndi zigawo. Tengani mapepala amitundu, siteji yoyamba ofiira, yachitatu obiriwira, mzere wa achikulire oyera, mumate ndi tepi pamwamba pa mpando uliwonse basi isanafike pa siteji yoyamba. Pa mizere 2 mpaka 5 mutha kudutsitsanso chingwe pamipando mbali zonse ziwiri kuti pasakhale woikapo ngakhale chikwama. Munthu akafika, woyang'anira amachonga dzina lake pa lisiti ya maina, nkumupatsa kakadi ka mtundu wa siteji yake, mkati mwa chigawo chake akhale pomwe akufuna ndi amene akufuna. Mabanja a ana okha ndi amene muyambe kuwalowetsa kuti apeze mipando yoyandikana. Ndipo amene wabwera yekha muuzeni akhale ndi mnzake wobwera yekha, asamatenge mipando iwiri iwiri aliyense pawindo, chifukwa ndi mmene mumathera ndi mipando yomwazikana ija.

Lisitiyo ikhale imodzi, yosungidwa ndi munthu mmodzi, inuyo. Dzina, nambala ya foni, siteji, basi, chofunika chapadera, ndi ngati munthuyo abwerera nafe. Musindikize papepala katatu kapena kanayi, osadalira foni yokha, netiweki ndi batire zimakhumudwitsa nthawi imene mukuzifuna. Basi iliyonse ikhale ndi woyang'anira wake, ndipo pa siteji yachitatu pakhale wina wa pansi amene aimike anthu m'magulu awiri, 16 apa atatu apo, mabasi asanafike. Dalaivala musamupatse ntchito yowerenga anthu kapena kuweruza kuti uyu akwere uyu asakwere, yake ndi chiwongolero, ndipo ulendo wotalika chonchi wopita ndi kubwerera mufunsenso eni basi kuti apuma nthawi yanji kapena ngati pali wosinthana naye.

Nthawi muiwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 12 koloko. Mukufuna kufika 11:15 kuti anthu atsike, apite kuchimbudzi, alembetse. Maola atatu mwanenawo ndikukayika kuti ndi a galimoto yaing'ono, basi yodzaza imayenda pang'onopang'ono, ndiye funsani dalaivala amene amaudziwa msewuwo, tiyerekeze wati maola atatu ndi theka. Onjezerani mphindi 20 zopumira panjira, chifukwa anthu 74 sangapirire onse. Zatipatsa 7:25 ngati nthawi yonyamuka pa siteji yachitatu, ndiye basi ifikepo 7:15. Simunandiuze kutalikirana kwa masitejiwo, ndingoyerekeza kuti yoyamba kufika yachiwiri ndi mphindi 40, yachiwiri kufika yachitatu mphindi 30. Basi yaikulu siima pa yachiwiri, ndiye inyamuke 6 koloko, anthu muwauze 5:30 chifukwa kuchonga maina 31 ndi kulongedza katundu mu buti kumatenga nthawi kuposa mmene mukuganizira. Kosita inyamuke pa siteji yachiwiri 6:40, anthu afike 6:20. Mwaona ubwino wina wa kagawidwe kameneka, a siteji yachiwiri sakudikirira basi imene yachedwa kwina, yawo ikuyambira pomwepo. Kungoti zikwama zawo zikuluzikulu azisamutsira mu buti ya yaikulu mabasi akakumana pa siteji yachitatu, ndipo zikatero muyambe mwasamutsa zikwamazo atatu aja asanatsegule topinda.

Polengeza mutchule nthawi zonse ziwiri, yofika ndi yonyamuka, ndipo yonyamukayo muisunge. Uthenga upite kwa gulu lililonse padera, osaponya ndandanda yonse mu gulupu imodzi ya WhatsApp, anthu amawerenga mzere wolakwika nkubwera pa nthawi ya anzawo. Malo okwerera muwafotokoze mpaka mbali ya msewu, kutumiza chithunzi ndi bwino kwambiri, ndipo akhale malo amene basi ingaime kunja kwa msewu anthu osawoloka ndi katundu.

Nanga wochedwa? Apa mpamene mtima umavuta, chifukwa nthawi zambiri ndi munthu amene mukumudziwa ndipo akuimba kuti ndatsala pang'ono. Mphindi 10 ndiye malire anga. Mukadikira mphindi 30 pa siteji yoyamba, mwaimika anthu 19 panja pa siteji yachitatu mphindi 30 zomwezo ndipo mwadya nthawi yopumira ya onse. Muuzeni apeze njira yake akakupezeni pa siteji yachitatu pofika 7:15, mpando wake muusunga mpaka pamenepo. Lamulo limeneli mulinene masiku angapo tsikulo lisanafike kuti lisaoneke ngati nkhanza za m'mawa.

Mpando wa munthu amene sanabwere musaupereke pompo pompo. Basi ikangonyamuka pa siteji yoyamba, woyang'anira aimbire wa pa siteji yachitatu kumuuza kuti takwera 29, mmodzi wati sabweranso, wina akutitsatira. Apo ndiye mwadziwa kuti pali mpando umodzi womasuka kuwonjezera pa iwiri yapadera ija, ndipo oyamba kuganiziridwa akhale atatu a pa topinda aja, asamuke onse akakhale bwino mu yaikulu ngati palibenso wina amene akufunikira malowo. Osalembetsa amene wangotulukira pa siteji yoyamba yankho lake ndi limodzi, sitingakulonjezeni mpando kufikira titanyamula onse olembetsa. Ndi zowawa kunena, makamaka basi ikuoneka theka yopanda anthu kumbuyo kwanu, ndiye chifukwa chake mapepala amitundu aja amathandiza, mumangoloza kuti onani yonseyi ili ndi eni ake.

Chinanso chimene chimasokoneza mwakachetechete ndi kusintha siteji. Wina analembetsa yachiwiri koma wagona kwa m'bale wake pafupi ndi yoyamba, m'mawa akungofika. Chiwerengero chonse sichinasinthe, akadali 74, koma basi yaikulu yalandira wina wowonjezera pomwe kosita ikupita ndi malo. Anthu atatu akachita zimenezi mipando yanu iwiri yapadera yatha ndipo wina wa siteji yachitatu alibe pokhala. Ikani tsiku lotsekera, masiku awiri ulendo usanachitike, ndipo tsiku limenelo muimbire kapena kulembera aliyense akonfeme siteji yake. Amene sanayankhe muimbireni kachiwiri, musangoganiza kuti abwera kapena sabwera. Mukapeza kuti manambala asuntha kwambiri, mwachitsanzo siteji yoyamba yafika 36, bwerezani masamu aja kuyambira pachiyambi, ndipo ngati onse pamodzi adutsa 78 ndiye palibenso kuchenjera kwina, mukufunika galimoto yachitatu.

Pobwerera aliyense akwere basi imene anabwerera, chigawo chomwecho, kakadi kaja asataye. Anthu amafuna kusintha chifukwa apeza anzawo kumsonkhano, koma kumbukirani kuti kosita ikuthera pa siteji yachiwiri, munthu wa siteji yoyamba akalowamo akatsala panjira usiku. Kusinthana mulole pokhapokha ngati ndi mmodzi kwa mmodzi, mabasi onse awiri akuima pomwe aliyense wa iwo atsikire, ndipo oyang'anira onse awiri alemba. Musanyamuke pongowerenga mitu, itanani maina, chifukwa mitu 47 ikhoza kukwana pomwe mmodzi ndi wachilendo ndipo wanu weniweni akadali kuchimbudzi. Chimodzimodzi pamalo opumira panjira. Amene wapeza thiransipoti ina yobwererera auze woyang'anira basi yake iye mwini, osati kutuma mnzake, dzina lake lichongedwe pa lisiti musanatseke chitseko.